Kuika cheza cha dzuwa ndi fuleya pa chithunzi cha malo mosaonetsa kuti mwachita kuwonjezera

Chithunzi chomwe tigwiritse ntchito ndinachijambula mu Sepitembala, nthawi ili 4:45 madzulo, pa msewu wafumbi kunja kwa tauni ya Kasungu. Ndinali nditayang'ana kumadzulo. Kumanzere kuli mtengo waukulu wa mango ndipo dzuwa labisala m'masamba ake, pakati pakudutsa ngolo ya ng'ombe ziwiri itanyamula matumba, kutali kukuoneka phiri la Kasungu litachita mbuu ndi utsi wa lupsa. Nditaima pamenepo maso anga ankaona mizere ya kuwala ikutsika m'mango muja n'kulowa m'fumbi lomwe ngolo inautsa. Kamera inangogwirako pang'ono. Ntchito yathu ndi kubwezeretsa mizere ija, kenako kuikapo kunyezimira kwa mu lenzi komwe ojambula timati fuleya.

Musanatsegule pulogalamu, sungani m'mutu kusiyana kwa zinthu ziwirizi, chifukwa zolakwika zambiri zimachokera pozisakaniza. Cheza chimakhala mumpweya. Chimaoneka chifukwa kuwala kwagunda fumbi, utsi kapena nkhungu, ndiye chili ndi malo ake m'chithunzimo: chimadutsa kuseri kwa zinthu zomwe zili pafupi ndi inu, ndi kutsogolo kwa zomwe zili kutali. Fuleya siili panja ayi. Imabadwira m'kati mwa lenzi, pamene kuwala kukunjanja pakati pa magalasi ake, choncho imaphimba chilichonse, ngakhale tsamba lomwe lili pamphuno pa kamera. Mukaona chithunzi chomwe cheza chadutsa pankhope pa munthu wapafupi, kapena kadontho ka fuleya kabisala kuseri kwa mtengo, dziwani kuti wokonzayo wazisinthanitsa.

Mayina a pa sikirini omwe ndilembe ndi a mu Photoshop. Photopea, yomwe imatsegulidwa pa intaneti mwaulere, ili ndi ambiri mwa mayina omwewo.

Choyamba: funsani ngati chithunzicho chikulola

Si chithunzi chilichonse chomwe chingalandire cheza. Dzuwa liyenera kukhala kutsogolo kwa kamera kapena chapambali pang'ono, chifukwa fumbi ndi nkhungu zimawala kwambiri mukaziyang'ana molunjika komwe kuwala kukuchokera. Yang'anani mithunzi. Ngati ikubwera kwa inu, zili bwino. Ngati ikuthawa kuloza m'kati mwa chithunzi, dzuwa linali kumsana kwanu, ndipo cheza chilichonse chomwe mungaike chitsutsana ndi mithunziyo. Ngati palibe mithunzi konse, monga tsiku la mitambo mu Januwale, chisiyeni chithunzicho momwe chilili.

Mpweya nawonso uyenera kukhala ndi choti kuwala kugwirepo. Kuno kwathu nyengo ziwiri ndizo zimapatsa. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imagona m'madambo m'mamawa, ndipo amene anagonapo ku Lifupa m'nkhalango ya Kasungu amadziwa momwe imayandamira pamwamba pa madzi dzuwa likamatuluka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba kumakhala fumbi ndi utsi wa tchire lopsa. Koma tsiku lotsatira mvula yamphamvu, mpweya utatsukidwa, phiri likuoneka mwala uliwonse, cheza chokhuthala sichingakhalepo, ndipo aliyense wokulira kuno achikana ngakhale asathe kunena chifukwa chake.

Pomaliza pakhale chotchinga. Mizere imaoneka chifukwa kuwala kwina kwatsekedwa ndi masamba, mtambo kapena msonga ya phiri, kwina kwapeza mpata. Dzuwa lili pambalambanda silitulutsa mizere. Pa chithunzi changa zonse zitatu zilipo: mithunzi ikubwera kwa ine, fumbi la ngolo lili m'mwamba, mango akutchinga.

Chachiwiri: pezani pomwe dzuwa lili

Apa m'pomwe ndimakhalitsa, chifukwa mukaphonya pano zina zonse zaphonyeka. Mizere ya dzuwa kwenikweni imayenda moyandikana osakumana, koma m'maso mwathu imaoneka ngati ikuchokera pa mfundo imodzi, monga momwe mbali ziwiri za msewu wa M1 zimaonekera ngati zakumana kutali. Mfundo imeneyo ndi dzuwa lenilenilo. Mizere yonse yomwe muike iyenera kuloza pamenepo, osati pafupi napo.

Dzuwa likakhala kuti likuoneka, palibe vuto. Langa labisika m'masamba, ndipo malo owala m'mango muja ndi angapo, ndiye ndimafunsa mithunzi. Pangani leya yatsopano yopanda kanthu, yomwe ili ngati pepala loonekera loyalidwa pamwamba pa chithunzi, tengani burashi yopyapyala yofiira. Sankhani chinthu choima chomwe mthunzi wake ukuoneka bwino, ine ndinatenga mtengo wa mpanda m'mbali mwa msewu. Dinani pansonga pa mthunzi wake, gwirani Shift, dinani pamutu pa mtengowo, mupeza mzere wowongoka. Upitirizeni mpaka kumwamba. Chitani chimodzimodzi ndi chinthu china chomwe chili mbali ina ya chithunzi, ine ndinatenga nyanga ya ng'ombe ndi mthunzi wake. Pomwe mizere iwiriyo yakumana ndi pomwe pali dzuwa. Wachitatu ndi wotsimikizira chabe.

Chithunzi changa ndi cha mapikiseli 6000 m'lifupi ndi 4000 m'litali. Nditaika mbewa pomwe mizere yakumana, bokosi la Info linaonetsa X 1500 ndi Y 900. Lembani manambala anu papepala, tiwafuna kawiri. Kenako zimitsani leya yofiirayo koma musaifufute.

Mithunzi imakuuzaninso kutalika kwa dzuwa, ndipo izi zimathandiza posankha mtundu wa kuwala. Mthunzi ukafanana ndi mwini wake, dzuwa lili pa madigiri 45 ndipo kuwala kukadali koyera. Ukatalika kanayi, latsika kufika pa madigiri 14, lomwe kuno ndi pafupifupi ola limodzi lisanalowe, ndipo kuwala kwayamba chikasu. Chithunzi changa chili pamenepo. Kufiira kwenikweni kumabwera mphindi zomaliza zokha, ndiye kuika cheza chofiira ngati moto pa mithunzi yaifupi ndi bodza loonekeratu.

Dzuwa likapezeka kuti lili kunja kwa chithunzi, musalikokere m'kati. Kulitsani malo ogwirirapo ntchito ndi Image > Canvas Size mpaka mfundo ija ilowe, gwirani ntchito yonse, mudzadule pomaliza.

Chachitatu: cheza chichokere m'chithunzi chomwecho

Pali maburashi ndi zithunzi za cheza zopangidwa kale zomwe anthu amatsitsa n'kungomata. Ine sindizikonda. Mizere yake imakhala yotalikirana mofanana ngati masipoko a njinga, ndipo siigwirizana ndi mipata ya mtengo wanu. Njira yabwino ndi kutenga mipata yeniyeni ya m'masamba n'kuitambasula, kuti mzere uliwonse ukhale ndi pomwe watulukira.

Yambani ndi Image > Mode > 16 Bits/Channel. Kuwala kofewa kukamazirala pang'onopang'ono pa 8 Bits/Channel kumachita mikwingwirima ngati masitepe, makamaka kumwamba, ndipo kusintha kumeneku kumachepetsa vutolo.

Sankhani leya ya chithunzi chenichenicho, osati yofiira ija, dinani Ctrl+J kuti mukhale ndi leya yachiwiri ya chithunzi, muitchule kuti cheza. Chotsani mitundu ndi Ctrl+Shift+U. Tsegulani Levels ndi Ctrl+L, ndipo kokerani kachizindikiro kakuda ka kumanzere kupita kumanja mpaka chithunzi chonse chide, patsale malo owala kwambiri okha. Kwa ine zinakwanira pa 215. Muona timabowo toyera m'mango, ngati denga lamalata akale mukaliyang'ana muli m'nyumba masana.

Tsopano yeretsani, ndipo apa musathamange. Patsala zinthu zina zoyera zomwe si dzuwa. Pa changa panatsala malaya oyera a mnyamata woyendetsa ngolo, denga lamalata la nyumba ina kumanja, ndi thambo lonse la pamwamba pa phiri. Mukazisiya, nazonso zitulutsa mizere, ndipo mudzapeza cheza chikuchokera pa malaya a munthu. Tengani burashi yakuda, pakani zonsezo. Siyani timabowo ta m'masamba tozungulira dzuwa ndi ta m'munsi mwake. Ngakhale timeneti ndimatichepetsa, ndimasiya magulu anayi kapena asanu osafanana kukula, ena oyandikana, ena otalikirana. Mipata ikachuluka kwambiri mizere imaphatikizana n'kukhala chifunga chabe.

Pitani ku Filter > Blur > Radial Blur. Ikani motere:

```
Amount: 100
Blur Method: Zoom
Quality: Best
```

Kumanja kuli kabokosi ka Blur Center. Kameneka kalibe polemba manambala, ndipo ndi kofanana mbali zonse ngakhale chithunzi chanu chili chachitali mbali imodzi, ndiye muwerengere ndi magawo. Dzuwa langa lili pa 1500 mwa 6000, lomwe ndi gawo limodzi mwa anayi kuchokera kumanzere, ndi pa 900 mwa 4000, lomwe ndi kuchepera pang'ono gawo limodzi mwa anayi kuchokera pamwamba. Kokerani pakati pa kabokosiko kufika pamenepo, dinani OK. Yatsani leya yofiira ija muone ngati mizere ikuloza pomwe payenera. Kawirikawiri ulendo woyamba umaphonya. Bwezani ndi Ctrl+Z, sunthani pang'ono, yesaninso. Ine ndinalondola ulendo wachinayi, ndipo sinali nthawi yotayika.

Zikalondola, bwerezani fyuluta yomweyo ndi Ctrl+Alt+F kawiri kuti mizere italike ndi kusalala. Pa Photoshop yakale batani lake ndi Ctrl+F. Mizere izilala kwambiri, musadandaule. Tsegulaninso Levels, ulendo uno kokerani kachizindikiro koyera ka kumanja kubwera kumanzere mpaka mizere ionekenso. Kenako sinthani kasakanizidwe ka leyayi kuchoka pa Normal kupita pa Screen. Chakuda chonse chisowa, patsala kuwala kokha pamwamba pa chithunzi chanu.

Panthawiyi zimaoneka zokongola ndipo mtima umafuna kulekera pomwepo. Koma ndi pano pomwe zimaonekera kwambiri kuti n'zopanga. Mizereyo ndi yakuthwa ngati yojambulidwa ndi rula, ndi yoyera mbee, ndipo yaphimba chilichonse.

Chachinayi: chifewetseni, chipatseni mtundu, chibwezereni kumalo kwake

Kufewetsa n'kosavuta: Filter > Blur > Gaussian Blur, Radius 8 pa chithunzi chachikulu ngati changa, 2 kapena 3 pa chaching'ono. Cheza chenicheni chimakhala chakuthwako pafupi ndi masamba, n'kumafewa chikamatalikira, ndiye ndimasankha gawo la m'munsi ndi Lasso yokhala ndi Feather yaikulu n'kulifewetsanso kachiwiri.

Mtundu musaupeke m'mutu, uli kale m'chithunzi. Tengani Eyedropper, dinani pa fumbi lowala kumbuyo kwa ngolo kapena pa thambo pafupi ndi dzuwa, muone kuti ndi wotani. Pa leya ya cheza dinani Ctrl+U, chongani Colorize, ndipo sunthani Hue ndi Saturation mpaka zifanane. Kwa ine zinakhala Hue 38 ndi Saturation 30. Nkhungu ya m'mawa mu Julayi imafuna Saturation yotsika kuposa pamenepa, chifukwa madontho a madzi amabweza kuwala koyererako, pamene fumbi la dothi lakatondo ndi utsi zimakupatsa chikasu chopita kofiira.

Tsopano masiki, yomwe imabisa leya pamalo pomwe mwapaka chakuda, ndipo kwa ine ndiye ntchito yeniyeni. Ikani Layer Mask pa leya ya cheza, tengani burashi yakuda yofewa, ndipo pa chinthu chilichonse m'chithunzi dzifunseni kuti: pakati pa ine ndi chinthu ichi pali mpweya wafumbi wochuluka bwanji?

Udzu womwe uli pamapazi panga ndi mtengo wa mpanda uja zili pafupi kwambiri, palibe fumbi pakati pathu. Pamenepo ndimachotsa cheza chonse, burashi ili pa Opacity 100, ndikutsata m'mphepete mosamala nditakulitsa chithunzi. Ng'ombe ndi ngolo zili m'kati mwenimweni mwa fumbi, lina lili kutsogolo kwake, lina kumbuyo, ndiye ndimachotsa theka lokha, burashi pa 50. Phiri lili kutali kuseri kwa zonse, cheza chimadutsa kutsogolo kwake osachotsapo kanthu, ndipo poti ndi lodera, mizere imaoneka bwino kwambiri pamenepo. Thunthu la mango ndi nthambi zake zikuluzikulu ndimazitsukanso, chifukwa ndizo zikutchinga kuwala, mbali yomwe yayang'ana kwa ine iyenera kukhala yakuda.

Mizere yomwe yapita m'mwamba, kuthambo lowala, ichotseni pafupifupi yonse. Kuwala sikuoneka pa kuwala kunzake. Ndipo pomwe mzere wafika pansi uthere pomwepo. Cheza sichiboola nthaka. Mzere ukagunda msewu n'kupitirira mpaka pansi pa chithunzi ngati kuti msewuwo kulibe, diso limazindikira msanga.

Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri amaiwala: fumbi silikhala lofanana paliponse. Kumbuyo kwa mateyala a ngolo ndi lokhuthala, kutsogolo kwa ng'ombe ndi lochepa, ndipo limayenda m'magulumagulu momwe mphepo yalitengera. Tsitsani burashi yakuda kufika pa Opacity 15, ikhale yaikulu, muzidontheza apa ndi apo m'kati mwa mizere kuti ina iduke pakati, ina izilale isanafike pansi. Mzere umodzi kapena iwiri ikhale yamphamvu, inayo ikhale yongoganizira.

Mukamaliza tsitsani Opacity ya leya yonse. Lamulo langa ndi ili: ndimatsitsa mpaka pomwe ndikuona kuti zakhala bwino, kenako ndimatsitsanso pang'ono, chifukwa maso omwe akhala ola lathunthu pa chithunzi chimodzi amazolowera kuwala n'kumafuna kochuluka. Changa chinathera pa 35.

Chachisanu: kuwala kukafika pansi kumasiya chizindikiro

Mzere wa dzuwa ukagwa pa msewu, pamalo pomwe wagwapo pamawala. Ngati munalondola pa sitepe yachiwiri, mupeza kuti mizere yambiri ikuthera pa timadera towala tomwe tinalipo kale pansi pa mango, ndipo zikatero mtima umakhala pansi. Pomwe mzere wathera pamdima, sankhani chimodzi: uchotseni, kapena walitsani pansipo. Kuti muwalitse, pangani leya yatsopano pa Soft Light, tengani mtundu uja wa fumbi, burashi yofewa pa Opacity 10, pakani kangapo pang'onopang'ono. Ndi burashi yomweyo yaing'ono, dutsani pamsana pa ng'ombe, pa linunda, ndi m'mphepete mwa matumba, mbali yoyang'ana dzuwa yokha. Mithunzi musaikhudze.

Chachisanu ndi chimodzi: fuleya

Fuleya ili ndi mbali zitatu, ndipo yomwe imagwira ntchito kwambiri ndi yomwe anthu saiona. Kuwala kwamphamvu kukalowa mu lenzi kumamwazika n'kuchita ngati chifunga chopyapyala, zakuda zoyandikana ndi dzuwa zimatuwa. Madontho okhala pa chithunzi chomwe zakuda zake zili bii mpaka pafupi ndi dzuwa amaoneka omata. Choncho yambani ndi chifungacho. Leya yatsopano pamwamba pa zonse, pa Screen, burashi yofewa kwambiri yaikulu ngati theka la chithunzi, mtundu wachikasu chofiirira, dinani kamodzi pa dzuwa. Opacity ya leya ikhale pakati pa 10 ndi 15. Leya imeneyi isakhale ndi masiki yotsata zinthu, iphimbe masamba, thunthu, zonse.

Mbali yachiwiri ndi madontho aja ozungulira. Ali ndi lamulo lake losasintha: amandandalika pa mzere wochokera pa dzuwa kudutsa pakati penipeni pa chithunzi. Pakati pa changa ndi X 3000, Y 2000. Kuchoka pa dzuwa kufika pakatipo ndi mapikiseli 1500 kumanja ndi 1100 kutsika, ndiye mzerewo ukapitirira mtunda womwewo ufika pa X 4500, Y 3100, chakumanja m'munsi. Amene amajambula ndi foni amakadziwa kadontho kobiriwira kamene kamabwera mukaloza dzuwa: kamakhala tsidya lina la pakati, moyang'anizana ndi dzuwa, ndipo mukasuntha foni nako kamasuntha mobwerera.

Fyuluta ya Photoshop imatsata lamuloli yokha ngati mwaiuza bwino pomwe dzuwa lili. Pangani leya yatsopano, idzazeni ndi chakuda kudzera pa Edit > Fill, ikani pa Screen. Pitani ku Filter > Render > Lens Flare. Kabokosi koonetsera kakhala kakuda, simuona pomwe mukuika, koma pali njira: gwirani Alt n'kudina m'kabokosimo, patuluka Precise Flare Center, lembani manambala a papepala aja, 1500 ndi 900. Pa Lens Type pali zinayi. Movie Prime ili ndi mizere yabuluu yopingasa yomwe lenzi wamba situlutsa, isiyeni. 50-300mm Zoom ndi yomwe aliyense amaidziwa, mphete zake zaoneka pa mapositala ambirimbiri moti munthu amaizindikira asanaone n'komwe chithunzicho. Pa malo ndimasankha 35mm Prime kapena 105mm Prime, Brightness pakati pa 60 ndi 80.

Chenjerani ngati munakulitsa malo ogwirirapo ntchito kapena munadula chithunzi kwambiri mbali imodzi. Fyulutayi imatenga pakati pa malo onse omwe alipo panthawiyo, ndiye mzere wa madontho ukhoza kupita kolakwika. Poti madonthowo ali pa leya yawoyawo, mutha kuwazunguliza ndi Ctrl+T mutaika pozungulira pake pa dzuwa.

Ikatuluka musaisiye choncho. Ipatseni Gaussian Blur ya 12 kapena kuposerapo kuti mphete zitaye ukuthwa. Tsitsani Saturation ndi Ctrl+U. Ikani masiki n'kufufuta madontho ambiri, kutsale awiri kapena atatu, ndipo ngati limodzi lagwera pankhope pa munthu lichotseni lonse lathunthu, osati kulidula motsata mutu wake. Kumbukirani kuti dzuwa langa latchingidwa ndi masamba, kuwala kofika mu lenzi n'kochepa, choncho fuleya iyenera kukhala yofooka. Opacity yake ndinaisiya pa 25.

Mbali yachitatu ndi nyenyezi yomwe imatuluka pa dzuwa lenilenilo. Imeneyi imapangidwa ndi timasamba tachitsulo totseka bowo la lenzi, ndipo imaoneka bwino bowolo likachepetsedwa, monga pa f/16 kapena f/22. Timasamba tikakhala 6 nyenyezi imakhala ndi nsonga 6, tikakhala 8 nsonga 8, koma tikakhala 7 nsonga zimakhala 14, tikakhala 9 zimakhala 18. Nyenyezi ya nsonga zisanu kapena zisanu ndi ziwiri lenzi siitulutsa. Komanso bowo laling'ono limapangitsa kuti zapafupi ndi zakutali zonse zioneke bwino, ndiye nyenyezi yakuthwa pa chithunzi chomwe kumbuyo kwake kuli kosaoneka bwino imadzitsutsa yokha. Changa ndinajambula pa f/5.6, choncho nyenyezi sindinaike.

Amene akufuna fuleya yomwe palibe wina ali nayo atha kujambula yake. Usiku m'chipinda chamdima, ikani tochi ya foni patali, iloze ku kamera, ikhale pa ngodya yomwe dzuwa lili pa chithunzi chanu, mujambule ndi lenzi yomwe munajambulira malowo. Mupeza madontho enieni a lenzi yanu pa chakuda. Ikani chithunzicho pamwamba pa Screen, chikonzeni mtundu, basi. Dzuwa lenileni musamaliyang'ane kudzera pa kagalasi ka kamera pofuna fuleya, makamaka ndi lenzi yokoka zakutali, limawononga maso.

Chachisanu ndi chiwiri: timchenga, ndi kuyesa

Kulitsani chithunzi kufika pa 100% muyang'ane pamdima. Muona timadontho ting'onoting'ono ngati mchenga, tomwe kamera iliyonse imasiya. Zomwe tawonjezera zilibe timchengati, n'zosalala ngati galasi, ndipo pomwe zaphimba pamaoneka posiyana. Pa leya ya cheza, ya chifunga ndi ya fuleya, ikani Filter > Noise > Add Noise:

```
Amount: 1.5%
Distribution: Gaussian
Monochromatic
```

Fananizani ndi timchenga ta chithunzi chanu, muonjezere kapena kuchepetsa. Timchengati timathandizanso kubisa mikwingwirima ija chithunzi chikafinyidwa potumiza pa WhatsApp kapena Facebook.

Poyesa, ikani maleya onse owonjezera mu gulu limodzi ndi Ctrl+G, muzizimitsa ndi kuyatsa kadiso kake. Kusintha kukakhala kodzidzimutsa, ngati wina wayatsa getsi, mwachulutsa. Tembenuzani chithunzi ndi Image > Image Rotation > Flip Canvas Horizontal, maso achiona ngati chatsopano ndipo mzere wokhota uonekera, kenako chibwezeni. Chitumizeni pa foni muchione chili chaching'ono, poti ndi momwe ambiri adzachionere, ndipo pa kasikirini kakang'ono mizere imaoneka yamphamvu kuposa pa kompyuta.

Muyeso womwe ndimaudalira kwambiri ndi munthu wodziwa malowo. Zaka zapitazo ndinakonza chithunzi cha munda wa fodya n'kuika dzuwa likulowa kuseri kwa chigafa. Nditawaonetsa eni mundawo, bambo achikulire, anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula.

"Mwajambula bwino, mwanawe," anatero, "koma dzuwa sililowera uko. Uko n'kumwera. Ine pakhomo pano ndakhalapo zaka zambiri, limalowera kuseri kwa nkhokwe."

"Pepani bambo, ndikakonza," ndinayankha, ndipo ndinakachotsa zonse. Mithunzi ya mapesi a fodya inali ikunena zomwezo, ine ndi amene sindinaifunse. Kuyambira pamenepo leya yofiira ija sindiidumpha.

Chithunzi chikakhala cha nkhani, cha lipoti la ntchito, kapena cha mpikisano womwe malamulo ake amaletsa kuwonjezera zinthu, cheza ndi fuleya zopanga musaikemo. Chikakhala chokongoletsa khoma, kalendala kapena chikuto, ikani, ndipo wina akafunsa muuzeni kuti munawonjezera. Sungani fayilo ya PSD yokhala ndi maleya onse, ndipo JPEG yotumiza muitulutse kudzera pa File > Export > Export As mutachonga Convert to sRGB, kuti chikasu cha fumbi chija chisasinthe chikafika pa foni ya munthu wina.